Chotsani "atsogoleri a mawa", mutiuze za tsiku limodzi la moyo wanu

Lero ndalemba motalikirapo. Khalani pansi.

Chaka changa choyamba cha ntchito, nditangochoka kusukulu ya zauphunzitsi, anandisankha kuti ndiyankhule pa 1 Juni, Tsiku la Ana. Ndinachezera usiku kulemba masamba awiri. Munali zonse zimene mukuzidziwa: ana ndinu tsogolo la dziko, maphunziro ndi kiyi, limbikirani, musataye mtima. Mwera unali utayamba kale. Ndili pakati poyankhula, mphepo inandilanda tsamba lachiwiri n'kulikankhira kunyanja, ana atatu akulithamangitsa. Ine ndinangopitiriza ndi zimene zinabwera m'mutu, ndipo palibe amene anazindikira kuti theka la mawu anga lapita. Anawomba m'manja bwinobwino.

Titabwerera m'kalasi ndinafunsa ana anga a kalasi 5 kuti anamva chiyani. Onse anakumbukira pepala louluka. Anakumbukira amene analigwira, ndi kuti anagwa kangati. Za zimene ndinanena, mtsikana mmodzi yekha, pondimvera chisoni, anati, "Munanena zabwino, aphunzitsi."

Kuyambira tsiku limenelo ndili ndi maganizo amene sindinawasinthe. Ukapatsidwa mphindi zisanu pamaso pa achinyamata, taya mawu okongola amene aliyense anawamva kale, ndipo unene nkhani imodzi yokha, ya iwe mwini, ya tsiku limene unalipo. Imodzi, osati zitatu. Ndifotokoza chifukwa chake kudzera mwa mnyamata wina amene ndinamuthandiza mu Disembala wapitayu, ndipo ndinenanso pamene njira imeneyi imalephera, chifukwa ili ndi malire ake.

Mnyamatayu ndinamuphunzitsa ali wamng'ono. Tsopano ali ndi zaka 19, ndipo ndi wapampando wa gulu la achinyamata pa mpingo wina wa m'mbali mwa nyanja, kumpoto kwa Metangula. Wandilola kulemba izi, koma dzina lake ndi mudzi wake sinditchula. Gulu lawo linakonza msonkhano wa achinyamata a midzi ingapo sukulu zisanatsegule, ndipo iye anayenera kuyankhula. Anabwera kwathu madzulo ndi kope, nati, "Aphunzitsi, mundikonzereko Chinyanja chake."

Chinyanja chake chinalibe vuto lalikulu. Vuto linali lakuti m'kopemo iye mwini munalibe. Analemba kuti achinyamata ndife atsogoleri a mawa, kuti maphunziro ndi kiyi wa tsogolo, kuti tikhulupirire maloto athu, kuti palibe chosatheka, kuti kugwa si kulephera. Ndinamufunsa kumene anazitenga. Anaseka, nandionetsa foni. Anazipeza m'Chipwitikizi, pa zithunzi zija za dzuwa likutuluka zimene timatumizirana m'mawa, ndipo anazimasulira chimodzichimodzi. N'chifukwa chake zinkamveka ngati mlendo wovala malaya obwereka. Kwathu kuno munthu akati "maloto" timaganiza za zimene waona kutulo, ndipo agogo akamva kuti mwana akutsata maloto ake amayamba kuda nkhawa.

Sindinamuuze kuti walemba zoipa. Ndinamupatsa mayeso awiri amene inunso mukhoza kuyesa pa mawu anu usiku uno.

Oyamba ndi osamutsa. Tenga chiganizo chilichonse, uchinyamule m'maganizo, ukachiike kwina: pa ukwati ku Lichinga, pa mwambo wopereka masatifiketi ku Maputo, pa msonkhano wa amalonda ku Lilongwe. Ngati chikukwana konsekonse popanda kusintha liwu ndi limodzi lomwe, ndiye kuti si chako, ndiponso si cha anthu amene ali patsogolo pako. Ziganizo zake zonse zinakwana konsekonse. Tinayesanso kuziwerenga kuyambira pansi kukwera m'mwamba, ndipo sizinasinthe tanthauzo. Pamenepo ndi pamene ndinamvetsa chifukwa chake tsamba langa lija linauluka popanda wodziwa. Mawu otere ali ngati usipa pa thandala: uchotsepo dzanja limodzi, palibe aone. Nkhani siitero. Ukachotsa pakati pake, mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri amakweza dzanja n'kufunsa kuti, nanga kenako?

Achiwiri ndi a choko. Ndinamupatsa choko ndi kumuuza kuti ajambule pa chitseko "tsogolo labwino". Anaima kaye, kenaka anajambula dzuwa. Ndinati ajambule "palibe chosatheka". Anabweza choko. Ife aphunzitsi a ana aang'ono timadziwa kuti chimene mwana sangathe kuchiona m'mutu, sachisunga. Wamkulunso ndi chimodzimodzi, kungoti wamkulu amadziwa kugwedeza mutu mwaulemu.

Musandimve molakwa. Mawu ambiri amene lero ndi ofwifwa anali amoyo tsiku lina. Pamene Samora Machel ankafanizira ana ndi maluwa osafota, ankayankhula kwa anthu amene anali atangotuluka m'nkhondo ya zaka khumi, ndipo ufulu wa 1975 unali udakali wa dzulodzulo. Omvera ake anali ndi nkhope za ana enieni m'mitima mwawo, ena amoyo, ena otayika. Nkhani inali kale mwa omverawo, ndipo mawuwo ankangoidzutsa. Ife timabwereza mawuwo kwa mwana wobadwa mu 2010, amene nkhaniyo alibe. Timamupatsa chivundikiro, mphika tausiya kunyumba.

Tsono ndinatseka kope lija ndi kumufunsa funso limodzi: "Anyamata amene adzakhale kumbuyo kwenikweni tsikulo, ndi ndani?" Anawadziwa onse. Ndi aja a zaka 14 mpaka 17 amene anasiya sukulu chifukwa cha usipa. Aliyense wa kuno akudziwa mmene zimayambira. Usipa umagwidwa usiku, ndi nyali, ndipo umabwera bwino pamene mwezi palibe, poti kuwala kwa mwezi kumapha mphamvu ya nyali. Mwini bwato amafuna manja okoka chilimila. Mnyamata amapita usiku umodzi, m'mawa ali ndi ndalama m'thumba, zimene sanazigwirepo chibadwire. Usiku wachiwiri amapitanso. M'kalasi amawodzera. Mdima wa mwezi umodzi ukatha amakhala atajomba masiku angapo, ndipo mdima ukabwera kachitatu kapena kachinayi dzina lake m'kaundula limakhala lodzaza ndi zizindikiro za kujomba. Palibe tsiku limene amanena kuti lero ndasiya sukulu. Amangozindikira kuti sakupitanso.

"Nanga iwe," ndinatero, "si paja unasowa zaka ziwiri?"

Anayang'ana pansi. "Zimenezo n'zochititsa manyazi, aphunzitsi. Ine ndikufuna kuwalimbikitsa."

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Timathawira ku mawu okongola osati chifukwa chosowa nkhani, koma chifukwa mawu okongola satiwononga kanthu. Ukanena kuti palibe chosatheka, palibe amene angakutsutse, palibe amene angakuseke, ndipo palibenso amene angasinthe. Omvera amadziwa kuti sunalipire kalikonse ponena zimenezo, ndiye nawonso amazilandira pa mtengo womwewo.

Atavomera kuyesa, anayamba monga timayambira tonse: "Ndinavutika kwambiri pa moyo wanga." Imeneyo si nkhani ayi, ndi mawu ofwifwa omwe aja atangovala "ine". Mankhwala ake ndi funso limodzi lobwerezabwereza: liti? Tsiku liti, nthawi yanji, unaima pati, unagwira chiyani m'manja, ndani anayankhula, anati chiyani? Titafunsana choncho kwa ola lathunthu, panatuluka nkhani zitatu.

Yoyamba inali ya usiku wina mu Julayi, pamene mwera unawapeza pakati pa nyanja, nyali n'kuzima, iwo n'kukapa madzi ndi ndowa mpaka m'bandakucha. Imeneyi ndiyo ankaifuna iye, poti ndi yoopsa ndipo anthu akanatsegula pakamwa. Yachiwiri inali ya tsiku limene anaona dzina lake pa chikwangwani kuti wakhoza kalasi 10. Yachitatu anainena mothamanga, ngati yosafunika: tsiku limene anabwerera kusukulu koma osalowa, n'kuima kuseri kwa mlambe.

Tinasankha yachitatu, ndipo chifukwa chake n'chimene ndikufuna kuti mutenge. Pa nkhani ya mwera, iye sanasankhe kanthu. Mphepo inabwera, mphepo inaleka. Womvera angaphunzirepo chiyani, kupatula kuti nyanja ndi yoopsa, zimene anazidziwa asanayambe kuyenda? Komanso anyamata akumbuyo aja ali ndi nkhani zawo za mwera zoposa yake, ndipo kwa iwo ndi nkhani zonyadira. Ya kukhoza mayeso ndi mathero chabe, ndipo amene ali kunja kwa sukulu akamva mathero a mnzake amangomva kuti watsalira. Koma pa mlambe paja panali mphambano. Akanatha kulowa, akanatha kubwerera, ndipo omvera ake ambiri aima pa mphambano yomweyo lero lino.

Marshall Ganz, amene anagwira ntchito zaka zambiri ndi antchito a m'minda ku California pamodzi ndi Cesar Chavez, ndipo pambuyo pake anakaphunzitsa ku Harvard, amaphunzitsa kuti nkhani ya munthu mwini imaima pa zinthu zitatu: vuto limene anakumana nalo, chimene anasankha, ndi chimene chinatsatira. Ine ndimati mafuwa atatu. Nkhani ya mwera inali ndi vuto ndi zotsatira, koma fuwa lapakati panalibe, ndipo mphika sukhala pa mafuwa awiri.

Kenaka tinayeza nthawi. Anapatsidwa mphindi zisanu. Ndinamuwerengetsa mokweza, foni ikuwerenga nthawi, ndipo tinapeza kuti akamayankhula modekha, mopumira, mawu ake a Chinyanja sapitirira 90 pa mphindi. Ndiye kuti zonse pamodzi ndi mawu pafupifupi 450. Tinagawa chonchi: theka la mphindi kupereka ulemu kwa abusa, mafumu ndi makolo, poti kwathu kuno sulumpha zimenezo, mphindi zitatu nkhani, mphindi imodzi kunena chimene akupempha, yotsalayo kupuma. Tsiku limodzi la moyo wa munthu limakwana m'mphindi zitatu. Zaka ziwiri sizikwana. N'chifukwa chake ndimati imodzi.

Nazi zimene ananena, monga tinazisiyira madzulo omaliza, atatha kupereka ulemu:

"Ine ndinasiya sukulu ndili kalasi 8. Palibe anandithamangitsa. Usiku woyamba kunyanja ndinalandira mametikali 300, ndinagulira amayi sopo ndi mchere, ndipo anandiyang'ana ngati munthu wamkulu. Zimenezo zinandikomera, sindinama. Ndinakhala kunyanja zaka ziwiri.

"Chaka chachitatu ndinakalembetsanso. Tsiku lotsegulira ndinavala malaya oyera obwereka, mabatani osafika. Nditafika pa mlambe uja wa pafupi ndi sukulu, ndinaona ana amene ndikakhale nawo kalasi imodzi ali pamzere. Mmodzi anali mnzake wa mchemwali wanga wamng'ono. Ine zaka 16, ndevu zitayamba, manja okhakhala ndi zingwe. Ndinabisala kuseri kwa mlambe. Belu linalira. Anaimba nyimbo ya fuko, ine ndili pomwepo. Atalowa onse ndinavula malaya aja, ndinawapinda, ndinabwerera kunyumba podzera kugombe kuti anthu aziyesa ndikuchokera kunyanja.

"M'mawa mwake ndinafikanso pa mlambe. Miyendo inakananso. Ndiye ndinadziuza kuti sindikupita kukamaliza sukulu, ndikungopita kukakhala mpaka nthawi yopuma. Ndinalowa. Mwana wina anakuwa kuti, 'Amalume abwera!' Kalasi yonse inaseka. Maondo anga sanakwane pansi pa desiki. Ndinakhala chammbali.

"Anandiseka sabata yoyamba. Sabata yachiwiri anaseka pang'ono. Sabata yachitatu yemwe uja anandibwereka cholembera. Manyazi amene ndinkawaopa zaka ziwiri anatha m'masabata awiri.

"Kunyanja sindinasiye. Ndinapangana ndi eni bwato kuti ndizipita Lachisanu ndi Loweruka usiku basi. Ndalama zinachepa, ndipo mpaka lero zimachepa.

"Sindikudziwa ngati ndidzapeze ntchito. Chimene ndikudziwa ndi kutalika kwa manyazi: masabata awiri. Amene akufuna kubwerera chaka chino, tsiku lotsegulira adzandipeza pa mlambe paja belu lisanalire. Tidzalowa awiri."

Taonani zimene mulibe m'mawu amenewa. Mulibe "tsogolo", mulibe "kiyi", mulibe "limbikirani". Koma yesani mayeso aja. Simungawasamutsire ku Maputo, chifukwa mlambewo uli pamalo amodzi ndipo omvera onse amaudziwa. Mukhoza kujambula chiganizo chilichonse: malaya osafika mabatani, maondo pansi pa desiki. Ndipo simungawerenge kuyambira pansi.

Chachikulu koposa n'chakuti nkhaniyi inatchula nthenda yeniyeni. Kope loyamba lija linkaganiza kuti anyamatawa akusowa chikhulupiriro mwa iwo eni. Munthu amene amapalasa bwato usiku pa nyanja iyi sasowa kulimba mtima. Zimene zimamutsekereza pakhomo pa kalasi ndi ziwiri: ndalama zimene banja lazolowera, ndi manyazi okhala pakati pa tiana. Mawu ofwifwa sakanatha kuzipeza zimenezi, chifukwa amalembedwa ndi munthu amene sanaime pa mlambe. Ukadzikakamiza kunena tsiku limodzi loona, umakakamizikanso kunena chimene chinali chovuta zenizeni, ndipo nthawi zambiri sichikhala chimene zithunzi za pafoni zimanena.

Tsopano ndimve zotsutsa, poti ndazimva kale m'chipinda cha aphunzitsi, ndipo zina ndi zoona.

Ena amati kuyankhula za iwe mwini pagulu ndi kudzitama, ndipo mwana wamakhalidwe satero pamaso pa akulu. Ndikuvomereza kuti nkhani zambiri zimene timamva m'misonkhano ndi kudzitama: ndinali wosauka, ndinalimbikira, taonani nsapato zanga. Njira yodziwira ndi yophweka. Funsa kuti m'nkhaniyi ndani akuoneka bwino. Ngati ndi iwe kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndiye kuti ukuvina wekha. M'nkhani ya mnyamata uja, iye ndi amene akubisala, iye ndi amene akusekedwa. Munthu sadzitama ndi malaya obwereka.

Ena amati tili ndi miyambi, nzeru za makolo, nanga tiitaye? Ayi ndithu. Koma kumbukirani kuti m'Chinyanja chathu liwu lakuti mwambi limatanthauzanso nkhani yosimba, ndipo miyambi yambiri ndi michira ya nkhani zimene makolo ankazidziwa. Agogo akamaweruza mlandu sayamba ndi mwambi. Amamva nkhani yonse kaye, ndipo mwambi umabwera pomaliza kudzamanga mtolo. Mkulu wina wa mumpingo, mnyamata uja atakhala pansi, anaimirira nangoti, "Mbewa ya manyazi inafera kuuna." Anthu anaseka ndi kuwomba m'manja, chifukwa mbewayo anali atangoiona kuseri kwa mlambe. Mwambi womwewo ukananenedwa poyamba, wokhawokha, ukanadutsa ngati ina yonse. Ngakhale mneneri Natani, pa 2 Samueli 12, atapita kukadzudzula mfumu Davide, sanayambe ndi lamulo limene mfumuyo inkalidziwa kale. Anayamba ndi munthu wosauka ndi kamwana ka nkhosa kake kamodzi, ndipo chiweruzo chinabwera pambuyo.

Chotsutsa chachitatu ndicho cholemera, ndipo ndikupempha kuti muchisamale. Nkhani yako si yako wekha. Muli amayi ako, amalume ako, mwini bwato, mphunzitsi. M'midzi yathu ya m'mbali mwa nyanja, kuyambira Meluluka mpaka Kobwe, ukati "munthu wina" aliyense amadziwa kuti ndi uje, ndipo ujeyo wakhala pa benchi lachitatu. Poyamba mnyamata uja anaikamo mawu amene wachibale wake, mwini bwato, anamuuza tsiku lina atakwiya, onyoza sukulu. Akanawanena, anthu akanagwidwa mtima, koma iye akanataya bwato ndi chibale tsiku limodzi, ndipo munthu amene anadyetsa banja lawo zaka ziwiri akanasanduka mfiti ya m'nthano. Tinawachotsa. Ndinamutumanso kwa amayi ake kuti akawawerengere za sopo ndi mchere zija asanazinene pagulu. Anavomera, koma akanakana tikanazichotsanso. Lamulo langa ndi ili: zofooka zako ukhoza kuziulula, za mnzako uyambe wapempha.

Pali nkhani zinanso zimene si za pa msonkhano, ngakhale zili zako. Bala limene likadatuluka magazi silionetsedwa pagulu. Mtsikana amene anakwatiwitsidwa ali mwana, kapena amene anachitidwa zachipongwe, asakakamizidwe ndi mtsogoleri wa gulu kuti "apereke umboni" chifukwa choti nkhani yake ndi yogwira mtima. Kuyambira 2019 dziko lathu lili ndi lamulo loletsa maukwati a ana osakwana zaka 18, ndipo nkhani yotere ili ndi malo ake oyenera kukanenedwa, osati pa bwalo la achinyamata 60. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona: ngati poyeserera kunyumba sungathe kufika kumapeto osalira, kapena ukudziwa kuti mawa sudzafuna kukumana ndi amene anamva, nthawi yake sinakwane. Sankha tsiku lina laling'ono. Moyo wa munthu uli ndi masiku ambiri.

Ndipo musakometsere. Mnyamata uja anafuna kunena kuti anaima pa mlambe sabata yathunthu, kuti zimveke. Ndinamukumbutsa kuti ena mwa ana aja amene anamuseka adzakhalapo. Kumudzi bodza la pa guwa silifika madzulo. Anafunanso kumaliza ndi mawu akuti tsopano zonse zili bwino. Si zoona: alibe ntchito, ndipo anyamata aja amadziwa achinyamata omaliza kalasi 12 amene akukoka chilimila limodzi nawo. Akanalonjeza kuti sukulu idzawalemeretsa akanamutsutsa mumtima, ndipo akanakhoza. Analonjeza chokhacho chimene akanatha kuchikwaniritsa: kuima pa mlambe.

Ena mudzati, ine ndilibe nkhani, moyo wanga ndi wamba. Ndikuyankhani ngati mmene ndimayankhira ana akamati alibe cholemba. Simukusowa nkhani, mukufuna nkhani yaikulu. Dzifunseni mafunso atatu awa. Ndi liti pamene ndinatsala pang'ono kusiya chinthu chimene ndikuuza anzangawa kuti asasiye? Ndi liti pamene ndinachita manyazi ndi chinthu chimene lero ndimachiseka? Ndani anandichitira kanthu kakang'ono kamene kanandibweza panjira, ndipo anati chiyani kwenikweni? Yankho lililonse liyenera kukhala ndi tsiku ndi malo. Mukalipeza, musalilembe kaye. Lisimbeni pakamwa kwa munthu mmodzi, m'chiyankhulo chimene zinthuzo zinachitikira. Mwana uja sanakuwe m'Chipwitikizi, anati "Amalume abwera!" ndipo mawu amenewo ukawamasulira kuseka kwake kumathera panjira. Ngati pagulupo pali alendo osamva Chinyanja, womasulira awathandize, koma mwini nkhani asachoke m'chiyankhulo chake. Tikalemba kaye m'chiyankhulo cha mayeso, mawu a mayeso ndi amene amabwera, ndipo ambiri a iwo ndi ofwifwa aja.

Pomaliza nkhani pali msampha umodzi umene pafupifupi aliyense amagwamo. Wasimba bwino, anthu ali chete, ndiye mantha amakugwira kuti mwina sanamvetse, n'kuwonjezera kuti, "Choncho anzanga, palibe chosatheka." Wabweza zonse zimene unataya. Malo a phunziro ikapo pempho limodzi limene munthu angalichite ndi miyendo yake: malo akuti, tsiku lakuti, tidzachite chakuti. Ukatero khala pansi.

Mukufuna kudziwa kuti zinatha bwanji. Sindikuuzani kuti bwalo lonse linalira, chifukwa silinalire. M'manja anawomba mochepa kuyerekeza ndi mnzake amene anayankhula pambuyo pake za atsogoleri a mawa ndi mawu amphamvu. Mayi wina anadandaula kuti mwanayu wanena poyera kuti ndalama za kunyanja zinamukomera, ndipo zimenezo zikhoza kukopa ana ena. Dandaulo limenelo ndalilingalira kwambiri, ndipo sindikulitaya. Koma ndikuganiza kuti akanabisa zimenezo, anyamata akumbuyo aja akanatseka makutu pa chiganizo choyamba, poti iwo akudziwa kuti zimakoma.

Tsiku lotsegulira sukulu iye anapita pa mlambe. Anabwera anyamata awiri. Mmodzi analowa naye, ndipo pamene ndikulemba pano akadali m'kalasi, ngakhale mdima wa mwezi uno wajomba masiku atatu. Winayo anafika, anayang'ana mzere wa ana, nati adzabwera mawa. Sanabwere. Nkhani imodzi sigula ufa, ndiponso siisintha nthawi imene usipa umabwera. Koma mnyamata amene sanaloweyo anadzuka, anasamba, anayenda mpaka pa mlambe. Pa zaka zonse zimene ndakhala ndikumva kuti maphunziro ndi kiyi, sindinaonepo mawu amenewo akuyendetsa munthu ngakhale mpaka pa mlambe.

Ndiye inu amene mwapatsidwa mphindi zisanu mwezi uno, kaya ku mpingo, kaya ku mzikiti, kaya ku gulu la mpira, tengani pepala lanu usiku uno. Chiganizo chilichonse chimene chingakwane ku Maputo, chidutseni mzere. Mukaona kuti pepala latsala loyera, musaope. Pitani kwa mlongo wanu kapena mnzanu, mumuuze kuti, "Ndikuuze za tsiku lina," ndipo muone ngati afunse kuti, nanga kenako?

Ndapita, makope a ana akundidikira.